Tchaja ikafa, werengani kaye kunsi kwa laputopu

Ambiri tchaja ya laputopu ikafa amathamangira kumsika, wogulitsa n'kuyesa timitu tosiyanasiyana mpaka kamodzi kalowe, kenako amalipira. Koma kulowa kwa kamutu si umboni wakuti tchajayo ndi yoyenera. Zofunika kudziwa zalembedwa kale kunsi kwa laputopu kapena pa tchaja yakaleyo, m'timalemba ting'onoting'ono.

Pa tchaja pamakhala mizere iwiri. Wolembedwa INPUT, womwe nthawi zambiri umati 100-240V, ukunena za magetsi a pakhoma, ndipo a ESCOM a 230V akukwana bwinobwino m'menemo. Maso anu akhale pa mzere wa OUTPUT, chifukwa ndiwo ukunena za moto umene umalowa mu laputopu. Ngati tchaja yakale inatayika, manambala omwewo ali kunsi kwa laputopu, kumene alembedwa ngati INPUT.

Tiyerekeze kuti muli ndi laputopu ya HP yolembedwa 19.5V ndi 3.33A. Nambala ya V ndi mavoloti, mphamvu imene magetsi amakankhira nayo polowa. Imeneyi iyenera kufanana ndi ya tchaja yatsopano, chifukwa tchaja yamtundu uwu imatulutsa mavoloti ake osasintha, kaya laputopu ikuwafuna kaya ayi. Akachuluka kwambiri amatha kuwotcha tizipangizo ta pamene moto umalowera, ndipo kukonza pamenepo n'kodula kuposa tchaja. Akachepa, batire silidzadza kapena laputopu siyaka n'komwe. N'chifukwa chake ndimachenjeza za matchaja otchedwa UNIVERSAL, okhala ndi kabatani kosankhira kuyambira 12V mpaka 24V. Kabataniko kakangosuntha m'chikwama kuchoka pa 19V kufika pa 24V, mwayika laputopu pachiswe.

Nambala ya A, maampu, ili ndi lamulo lina, ndipo apa ndi pamene anthu amasokonezeka. Maampu olembedwa pa tchaja ndi malire a zimene ingathe kupereka. Laputopu imakoka okhawo amene ikufuna pa nthawiyo, monga munthu atunga ndowa imodzi pachitsime chodzadza. Choncho maampu ochuluka alibe vuto, ochepa ndiwo ovuta. Mukachulukitsa V ndi A mumapeza mawati: 19.5 kuchulukitsa ndi 3.33 ndi pafupifupi 65W.

Tsono wogulitsa wakutulutsirani matchaja atatu, onse a 19.5V. Yoyamba ndi ya HP ya 2.31A, kutanthauza 45W. Isiyeni: idzagwira ntchito mopanikizika, idzatentha kwambiri, batire lidzadzadza mochedwa, ndipo mwina idzazima mukatsegula ntchito zolemera. Yachiwiri ndi ya HP ya 4.62A, ya 90W. Iyi ndi yabwino ngati kamutu kake kali kofanana. Yachitatu ndi ya Dell ya 3.34A, ndipo manambala ake akuoneka kuti ndi enieniwo. Apa ndiye pali msampha.

HP ndi Dell onse ali ndi kamutu ka mamilimita 4.5 kunja ndi 3.0 mkati, komanso kena kakakulu ka 7.4 ndi 5.0. Timituti tili ndi kasingano pakati, ndipo kasinganoko sikadutsa moto wodzadzira batire. Ntchito yake ndi kuuza laputopu kuti tchajayo ndi ya mawati angati, koma makampani awiriwa amachita zimenezi mosiyana. Kamutu kalowa ndithu, koma laputopu imatha kusaizindikira tchajayo, n'kukana kudzadza batire kapena kuyamba kugwira ntchito pang'onopang'ono. Kasingano kakapindika kapena kuthyoka, zotsatira zake n'zomwezo ngakhale tchaja ili ya kampani yake, choncho suzumirani mkati musanalipire.

Timitu tina timasiyana pang'ono zedi. Ka 5.5 ndi 2.5, kofala pa Asus ndi Toshiba, kamafanana kunja ndi ka 5.5 ndi 1.7 ka Acer. Kamutu kobowoka kwambiri mkati kamalowa koma kamagwedera, moto umabwera n'kuduka, ndipo pologwetserapo pamatentha mpaka kuwonongeka. Onaninso kachizindikiro ka + ndi - pafupi ndi manambala aja. Pa malaputopu ambiri + amalozera pakati pa kamutu, ndipo tchaja yatsopano iyenera kusonyeza chimodzimodzi.

Malaputopu olowetsa moto pa USB-C ndi osavuta, chifukwa tchaja ndi laputopu zimagwirizana zokha za mavoloti. Ingoonetsetsani kuti pa mzere wa OUTPUT pali 20V ndi mawati okwanira; matchaja ambiri a foni safika pamenepo. Chingwe wamba cha USB-C chimathera pa 60W, ndipo kupitirira apo pamafunika cholembedwa 5A.

Pokagula nyamulani laputopuyo. Ilowetseni pamoto pomwepo, muone ngati chizindikiro cha batire chikusonyeza kuti likudzadza, mugwedeze kamutu pang'ono kuti muone ngati moto ukuduka, ndipo mudikire mphindi zingapo. Tchaja imafunda ndithu ikamagwira ntchito, koma ikamatentha mosagwirika, kulira kapena kununkha ngati pulasitiki yopsa, ibwezeni pomwepo.