Kalata yochotsa kontrakitala pa ntchito: chenjezo lidze kaye, masiku akwane

Pamalo pomwe pankamangidwa chipatala chaching'ono kapena mdadada wa makalasi pamera udzu. Makoma anaima ofika m'chiuno, matumba a simenti anauma, amisiri anabalalika, ndipo kontrakitala sayankha foni. Mwini ntchito akaona zoterezi mtima umamuuza kuti atseke geti, alembe mizere iwiri yaukali, n'kuitana kampani ina mawa lomwe. Pamenepa ndi pomwe anthu ambiri olakwiridwa amasanduka olakwa. Pa malamulo a mgwirizano, munthu amene wathetsa kontrakiti popanda chifukwa chololedwa, kapena mosatsata njira imene anasainira, amaonedwa kuti ndiye wakana pangano, ndipo kontrakitala yemwe anaononga ntchito uja angathe kumusumira n'kupambana.

Kalata yochotsa kontrakitala imakhala ndi mphamvu ngati yatsamira pa makalata ena amene anatsogola. Njira yake imaoneka bwino m'mabuku a mgwirizano a bungwe la FIDIC, la mainjiniya a m'maiko ambiri, amene amagwiritsidwa ntchito pomanga misewu, milatho ndi madamu, kuphatikizapo ntchito zambiri za kuno kwathu zolipiridwa ndi mabanki a chitukuko. Ngakhale amene akumanga nyumba ya mpingo kapena sitolo angaphunzirepo, chifukwa makontrakiti ang'onoang'ono ambiri amatengera maganizo omwewo, ngakhale masiku ndi manambala a ndime amasiyana.

M'buku la FIDIC la mu 1999, ndime 15.1 imapatsa injiniya woyang'anira ntchito mphamvu yolembera kontrakitala kalata yomulamula kukonza zomwe walakwitsa m'nthawi yokwanira. Ndime 15.2 ndi imene imatchula zifukwa zothetsera mgwirizano. Zina mwa izo ndi kunyozera kalata yolamula kukonza ija, kuthawa ntchito kapena kuonetseratu kuti sadzaipitiriza, kulephera kuyendetsa ntchito popanda chowiringula chomveka, ndi kupereka ntchito yonse kwa kampani ina popanda chilolezo. Pa zifukwa zimenezi mwini ntchito amapereka chidziwitso cha masiku 14. Ndi pa zinthu ziwiri zokha pomwe amaloledwa kuthetsa nthawi yomweyo: kontrakitala akagwa mphwayi mwalamulo chifukwa cha ngongole, kapena akapereka ziphuphu. Buku la mu 2017 linaonjezera sitepe ina. Kalata yoyamba imangonena cholinga chothetsa, ndipo masiku 14 akatha vuto lisanakonzedwe, pamafunika kalata yachiwiri yothetsadi.

Mlandu wina wa ku Gibraltar, kachigawo kakang'ono kolamulidwa ndi Britain kum'mwera kwa Spain, unayesa njira yonseyi. Kumeneko msewu waukulu unkadutsa pakati pa bwalo la ndege, moti magalimoto ankaimitsidwa ndege ikamatera. Mu 2008 boma linapatsa kampani ya ku Spain ya Obrascon Huarte Lain ntchito yomanga msewu wodutsa pansi pa bwaloli, ya ndalama zoposa mapaundi 30 miliyoni, yoti ithe m'zaka ziwiri. Patatha zaka ziwiri ndi theka, ntchito yomwe inachitika inali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Kampaniyo inkanena kuti inapeza dothi loipitsidwa ndi zinthu zoopsa lomwe sinkaliyembekezera, ndipo inaimitsa ntchito yokumba kuti ijambulenso mapulani. Injiniya analemba makalata olamula kukonza mu Meyi ndi mu Julaye 2011, kenaka boma linapereka kalata yothetsa mgwirizano kumapeto kwa Julaye yemweyo.

Kampaniyo inapita kukhoti la ku London loona milandu ya zomangamanga, ndipo mu 2014 woweruza Akenhead anagamula mokomera boma. Khoti la apilo linavomereza chigamulocho mu 2015. Woweruzayo anapeza kuti kontrakitala wodziwa ntchito akanayembekezera dothi loipa pamalo omwe akhala akugwiritsidwa ntchito ndi asilikali kwa zaka zochuluka chotero. Koma chothandiza kwambiri kwa ife ndi zomwe anafotokoza za kalata ya chenjezo. Cholakwa chotchulidwa m'kalatamo chiyenera kukhala chenicheni, osati kakang'ono kosanunkha kanthu kongofunira munthu chifukwa. Nthawi yopatsidwa yokonzera iyenera kukhala yotheka poona mmene zinthu zilili pa tsiku lomwe kalatayo yalembedwa. Ndipo ngati ndi mwini ntchitoyo amene watsekereza kontrakitala kukonza, sangatembenuke n'kumuchotsa chifukwa chosakonza.

Panalinso nkhani ya keyala. Mgwirizano unkati makalata azipita ku likulu la kampaniyo ku Madrid, koma kalata yothetsa inaperekedwa pamanja ku ofesi ya pamalo a ntchito. Kampaniyo inati kalatayo ndi yopanda mphamvu. Woweruza anakana, poona kuti makalata ambiri ankadutsira pa ofesi yomweyo ndiponso kuti kalatayo inafikadi kwa akuluakulu a kampani. Boma linapulumuka, koma linachita kulipira maloya kuti ateteze chinthu chomwe chikanapewedwa ndi envulopu imodzi yotumizidwa ku Madrid. Zigamulo za makhoti a ku England sizimanga makhoti a ku Malawi kapena Zambia, koma oweruza athu amazimvera kwambiri chifukwa malamulo athu a mgwirizano anachokera komweko. Ine ndingalangize aliyense kuti asadalire chifundo chotere. Kalata ipite ku keyala yolembedwa mu kontrakiti, m'njira yomwe kontrakitiyo ikunena, wolandira asaine ndi kulemba tsiku. Uthenga wa pa foni ungakhale chabe wotsatira pambuyo.

Tiyeni tibweretse nkhaniyi pafupi ndi chitsanzo chongoyerekeza. Mpingo wagwirizana ndi kontrakitala kuti amange makalasi anayi pa mtengo wa K120 miliyoni, ndipo mgwirizano wawo uli ndi ndime zofanana ndi za mu 1999 zija. Ntchito yaima kwa mwezi wathunthu, ndipo mtanda wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma wang'ambika chifukwa anaikamo zitsulo zochepa kuposa zomwe zili papulani. Kalata yolamula kukonza isangonena kuti ntchito sikuyenda bwino, chifukwa mawu otere sasonyeza chomwe munthu achite kuti apulumuke. Inene kuti ikulembedwa motsata ndime yakutiyakuti, itchule mtanda wa kalasi yachitatu ndi yachinayi, pulani yomwe yaphwanyidwa ndi tsiku lomwe injiniya anayendera malowo. Kenaka ilamule momveka: amisiri abwerere pasanathe masiku 7, mtandawo ugwetsedwe ndi kuthiridwanso pasanathe masiku 21. Kumupatsa masiku atatu ogwetsa, kumanga zitsulo ndi kuthira konkire kungakhale kumutchera msampha, ndipo woweruza aliyense angaone zimenezo.

Tinene kuti kalatayi yalandiridwa pa 3 Malichi. Masiku 21 akutha pa 24 Malichi. Tsiku lotsatira injiniya apitenso pamalopo, ajambule zithunzi ndi kulemba lipoti la zomwe wapeza. Ngati palibe chasintha, mpamene kalata yothetsa ingalembedwe, ndipo iyi asaine ndi mwini ntchito amene dzina lake lili pa mgwirizano, osati injiniya kapena wapampando wa komiti yomanga amene alibe mphamvu zolembedwa.

Kalata yomalizayi imayamba ndi kutchula mgwirizano, tsiku lomwe unasainidwa ndi ntchito yake. Imanena ndime yomwe ikupereka mphamvu yothetsa ndi chifukwa chilichonse chomwe mpingo ukudalira, apa kunyozera kalata yolamula kukonza ndi kulephera kuyendetsa ntchito. Ndi nzeru kutchula zifukwa zonse zomwe zili ndi umboni, kuti chimodzi chikagwa kukhoti china chiimebe. Imandandalika machenjezo akale ndi masiku awo, kuyambira zomwe zinalembedwa pa misonkhano ya pamalo a ntchito mpaka kalata ya pa 3 Malichi, n'kunena kuti nthawi yokonzera inatha pa 24 Malichi ndipo lipoti la injiniya likutsimikiza kuti sanakonze. Imapereka masiku 14 aja, imauza kontrakitala zoti adzachoke pamalo ndi kupereka mapulani ndi katundu yemwe mgwirizano ukulamula, ndipo imanenanso kuti mpingo sukutaya ufulu wake wina uliwonse wofuna chipukutamisozi. Mawu onyoza, kapena kumutchula munthu wakuba popanda umboni, alibe malo m'kalatayi. Angabale mlandu wina wa kuipitsa mbiri.

Ngati kalatayo yalandiridwa pa 26 Malichi, tsiku la 14 ndi 9 Epulo. Geti lisatsekedwe lisanafike 10 Epulo, ndipo kontrakitala watsopano asaponde pamalopo tsikuli lisanakwane. Kufulumira ndi tsiku limodzi lokha kumapatsa mbali inayo chonena chomwe inalibe. Kuchedwa kwambiri nakonso n'koopsa. Mwini ntchito amene nthawi yokonzera yatha koma iye n'kukhala chete miyezi itatu, akulipirabe ndi kupereka malangizo atsopano, angaonedwe kuti anakhululuka, ndipo angafunike kuyambiranso ndi chenjezo lina.

Asanasaine, mpingo udzifunse funso lomwe eni ntchito ambiri safuna kulimva: kodi ife tilibe mlandu? Ngati satifiketi yolipira yakhala pa tebulo kupitirira nthawi yake, yomwe m'buku la mu 1999 ndi masiku 56 kuchokera pomwe injiniya walandira pempho la kontrakitala, kapena ngati mapulani a denga sanaperekedwe, ndiye kuti kontrakitala ali ndi chowiringula chomveka, mwinanso ufulu woonjezeredwa nthawi. Kuno kwathu, kumene malipiro amachedwa kawirikawiri, ntchito zambiri zoima zimakhala ndi olakwa awiri. Mvula ya masiku onse ya mu Januwale si chowiringula, chifukwa aliyense amaidziwa, koma mvula yoposa muyeso ingakhale chifukwa choonjezera masiku.

Kusiyana kwa kuchita bwino ndi kulakwitsa kumaoneka pa ndalama. Tiyerekeze kuti mpingo unali utalipira K50 miliyoni, ndipo kontrakitala wachiwiri wamaliza ntchito yotsala pa K90 miliyoni. Zonse pamodzi ndi K140 miliyoni, kuposa mtengo woyamba ndi K20 miliyoni. Ngati mgwirizano unathetsedwa moyenera, mpingo ungafune K20 miliyoni imeneyi kwa kontrakitala woyamba, kudzera pa ndalama zomwe unkasunga pa malipiro aliwonse, pa chikole cha ku banki ngati chinalipo, kapena kwa oweruza. Ngati unathetsedwa molakwika, mpingo usenza wokha K20 miliyoni ija, ulipira ntchito iliyonse yomwe inagwiridwa koma sinalipiridwe, ndipo ungalamulidwenso kupereka phindu lomwe kontrakitalayo akanapeza pa ntchito yotsala.

N'chifukwa chake tsiku lomwe kontrakitala akuchoka pamafunika kuyeza ntchito yonse, kuwerenga matumba, malata ndi zitsulo zomwe zili pamalo, n'kumuitana kuti adzaonerere ndi kusaina. Akakana kubwera, kalata yomuitanayo isungidwe. Ndipo asayembekezere wina aliyense kuti kuchotsa kontrakitala kufulumizitsa ntchito. Boma la Gibraltar linapambana m'makhoti onse awiri, komabe msewu wa pansi pa bwalo la ndege uja unatsegulidwa mu 2023, patatha zaka pafupifupi 12 chilembereni kalata yothetsa mgwirizano.