Makwerero Otsamira Khoma: Apendeke Mpaka Pati Asanaterereke?

Makwerero akagwetsa munthu, kawirikawiri sakhala atathyoka. Chimene chimachitika n'chakuti miyendo yake imaterereka n'kuthawa khoma, mutu wake n'kutsetsereka kutsika. Ngozi imeneyi ili ndi masamu ake, ndipo mmisiri aliyense wokhoma malata kapena wopenta nyumba ayenera kuwadziwa.

Tiyerekeze makwerero olemera mofanana paliponse, otsamira khoma losalala kwambiri, miyendo ili pa simenti yokhakhala. Kulemera kwake kumakokera pansi kuchokera pakati penipeni. Simenti imawakankhira m'mwamba ndi mphamvu yofanana ndi kulemerako. Khoma, poti ndi losalala, silingawagwire kuti asatsike. Limangowakankha kuti achoke pakhomapo. Ndiye chimene chimawaletsa kuthawa ndi chimodzi chokha: kugwirana kwa miyendo yake ndi simenti.

Kugwiranaku kuli ndi malire. Akatswiri amakuyeza ndi nambala imene amailemba μ. Ngati μ ndi 0.5, pansi pangaletse kukankha kofika theka la kulemera kumene kwapatsikira, osapitirira apo. Koma kukankha kwa khoma kumakula makwerero akamagona. Ngodya ya pakati pa makwerero ndi pansi, imene timailemba θ, ikamachepa, khoma limakankha kwambiri, mpaka kugwirana kuja kugonja.

Tikayerekeza mphamvu zimene zikufuna kutembenuza makwererowo pa miyendo yake, timapeza kuti kukankha kwa khoma ndi theka la kulemera kwa makwerero titaligawa ndi tan θ. Pomwe kukankhaku kwafanana ndi malire a kugwirana kuja ndi pomwe pali ngodya yochepetsetsa:

tan θ = 1/(2μ)

Pa simenti ya μ ya 0.5, tan θ ndi 1, kutanthauza madigiri 45. Makwerero a mamita 5 angaime miyendo itatalikirana ndi khoma mamita pafupifupi 3.5. Koma pansi pakanyowa kapena pakapakidwa polishi, μ n'kutsika kufika 0.25, ngodyayo imakwera kufika madigiri 63. Onani kuti kulemera ndi kutalika kwa makwerero sizikupezeka m'masamuwa. Aatali ndi aafupi, olemera ndi opepuka, onse amaterereka pa ngodya imodzimodzi.

Yankho limeneli ndi la makwerero opanda munthu, ndipo apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Titenge makwerero a makilogalamu 15 ndi mmisiri wa makilogalamu 60, pa madigiri 45 pomwe paja. Onse pamodzi akulemera makilogalamu 75, choncho simenti ingaletse kukankha kofanana ndi makilogalamu 37.5. Mmisiri akaponda pamunsi, khoma likukankha ndi 7.5 yokha ya makwererowo, ndipo amamva kuti akhazikika zedi chifukwa thupi lake lawatsindira pansi. Akamakwera, gawo lake la kukankhako limakula. Akafika pakati, wawonjezera 30, zonse zakwana 37.5, malire aja afika. Phazi lina limodzi lokha, makwerero athawa. N'chifukwa chake kuwayesa popondaponda pamunsi sikutsimikiza kanthu.

Kuti mmisiriyu afike pamwamba penipeni, tiphatikize theka la kulemera kwa makwerero ndi kulemera kwake konse, zomwe ndi 67.5, ndipo tizigawe ndi 37.5. Tipeza tan θ ya 1.8, yomwe ndi madigiri 61. Miyendo isapitirire mamita 2.4 kuchokera pakhoma. Akanyamula chitini cha penti, ngodyayo iyenera kukwerabe pang'ono.

Ngakhale madigiri 61 ndi pamphepete pa ngozi, chifukwa palibe amene amayeza μ asanakwere, ndipo kamchenga pang'ono pa simenti kamaitsitsa. Malangizo a chitetezo pa ntchito amati pa mamita anayi alionse okwera, miyendo italikirane ndi khoma mita imodzi, zomwe zimapereka madigiri pafupifupi 75. Kwa makwerero athu a mamita 5, ndiye mamita 1.2. Akaima chonchi, mmisiri uja ali pamwamba amangofunika μ ya 0.23, osafika ndi theka lomwe la imene simenti ija ikupereka. Kuwaimika njo kuposa apa kulinso ndi vuto lake, chifukwa munthu akangopendekera kumbuyo, makwerero amasiya khoma n'kugwa naye chagada.

Choncho musanakwere, yezani kutalika kwa pamene makwerero akhudza khoma, mugawe kanayi, ndipo miyendo muiike pamenepo. Sesani mchenga, pukutani madzi, onani ngati malabala a kumiyendo sanaperepeseke. Ngati pansi ndi pa matailosi kapena pa polishi, musadalire ngodya yokha: mangani mutu wa makwerero kapena tchingani miyendo ndi thabwa lokhomeredwa bwino.