Kukonza Ndondomeko ya Msonkhano wa Tsiku Limodzi

Ndondomeko ya msonkhano wa akatswiri wa tsiku limodzi imayamba ndi kuwerengera mphindi, mayina a oyankhula amabwera pambuyo. Msonkhano woyamba 8:30 m'mawa n'kutha 4:30 madzulo uli ndi maola 8, koma onsewo si ophunzira. Nkhomaliro imadya ola lathunthu, tiyi wam'mawa ndi wamasana mphindi 30 aliyense, kutsegulira ndi kutsekera ola linanso. Otsala ndi maola 5 okha, ndipo nkhani zonse ziyenera kukwana m'menemo.

Chigawo choyamba chimakhala cha anthu onse m'holo imodzi, mitu ikadali yopepuka. Apa woyankhula wamkulu amapatsidwa mphindi 45, ndi zina 15 za mafunso. Ndi nzeru kugwirizana naye pasadakhale kuti mlendo wolemekezeka akachedwa iye ayambe, mawu otsegulira adzanenedwe mlendoyo akafika.

Atamwa tiyi, anthu amagawikana m'zipinda ziwiri kapena zitatu zokambirana mitu yosiyana nthawi imodzi. Pamenepa m'pamene pamafunika masamu. Chigawo cha 10:30 mpaka 12:00 chili ndi mphindi 90. Oyankhula akakhala anayi, aliyense amalandira mphindi 15 zofotokoza, 5 za mafunso ndi 2 zosinthana, zonse pamodzi 88, ndipo ziwiri zotsalazo ndi za wapampando. Mphindi zosinthanazo ambiri amaziiwala, chonsecho kulumikiza kompyuta ku pulojekita ndi kupatsirana maikolofoni kumatenga nthawi. N'chifukwa chake zithunzi za oyankhula onse zimaikidwiratu pa kompyuta imodzi m'mawa.

Zipinda zonse ziyenera kutsata nthawi yofanana, kuti wofuna kumva woyamba wa chipinda china ndi wachitatu wa chinzake athe kusamuka osaphonya kanthu. Woyankhula wina akalephera kubwera, mpata wake umasiyidwa wokambirana. Otsatirawo sasunthidwira kutsogolo. Nkhani ziwiri zokopa gulu limodzimodzi siziikidwa pa nthawi imodzi.

Kusunga nthawi si ntchito ya wapampando yekha. Wosunga nthawi amakhala pamzere wakutsogolo ndi makadi atatu: loyamba lolembedwa 5, lachiwiri 1, lomaliza IMANI. Khadi lomaliza likakwezedwa, wapampando amaimirira, n'kuyandikira, n'kuthokoza woyankhulayo. Zimavuta ngati woyankhulayo ndi wamkulu paudindo, koma kumulekerera n'kulanda nthawi ya womaliza, amenenso anakonzekera. Anayi aja akapitirira ndi mphindi 5 aliyense, chipindacho chimatuluka 12:20, anzawo atayamba kale kudya. Lamuloli likalembedwa m'kalata yoitanira anthu, palibe amene amadabwa nalo.

Nthawi ikatayika, kudula nkhomaliro si njira yabwino, chifukwa ndi pamene anthu amadziwana, kupemphera ndi kuyankha mafoni. Bola kuchepetsa mafunso kapena kufupikitsa mawu otsekera. Nkhomaliro ikangotha tulo timavuta, choncho chigawo chimenecho chimayenera zokambirana za m'magulu kusiyana ndi nkhani yaitali ya munthu mmodzi.