Kodi mbewu ya haibulidi anaithira mankhwala kuti isabwerezedwe?

Ambiri amakhulupirira kuti makampani amachita dala: amati utoto wofiira kapena wobiriwira uja ndi umene umapha mphamvu ya chimanga kuti chaka chamawa tikagulenso. Kukayikaku n'komveka, poti mbewu yakwera mtengo. Koma utotowo umangochenjeza kuti njerezo zapakidwa mankhwala oteteza ku tizilombo ndi matenda a m'nthaka, choncho zisadyedwe. Ndipo chimanga chobwereza chimamera bwinobwino. Vuto lili kwina.

Mawu akuti haibulidi papaketi, kaya ndi Kanyani, Mkango kapena MH18 ya ku Chitedze, amatanthauza kuti njerezo ndi ana oyamba a makolo osiyana, osankhidwa mwadala. Akatswiri amayamba ndi kubereketsa chimanga ndi mungu wake womwe kwa mibadwo ingapo, mpaka mtunduwo utakhazikika. Chimanga chotere chimakhala chonyozeka, chachifupi, cha zitsononkho zazing'ono. Kenaka amadzala mizere ya mtundu wina ngati mayi, ya wina ngati bambo, n'kuthothola ngayaye zonse za mayi zisanatulutse mungu, kuti ndevu zake zilandire mungu wa bambo yekha. Zokolola za mizere ya mayi ndizo zimalowa m'paketi.

Mwanayo amaposa makolo onse awiri, chifukwa pamene kholo lina lili lofooka, linzake limakwirira. Ndipo poti ana onsewo ndi a makolo okhazikika omwewo, munda wa haibulidi umakula mofanana, n'kumasula nthawi imodzi.

Tsono mukasunga zokolola zake, mwasunga zidzukulu, zobadwa pakati pa abale okhaokha. Zofooka zimene zinabisika zija zimatulukiranso, chilichonse pa phesi lake. Tiyerekeze kuti haibulidi ya makolo awiri imapereka matumba 40 pa munda wanu, pamene makolowo akanapereka 16. Kusiyana kwake ndi matumba 24, ndipo pobwereza koyamba mumataya pafupifupi theka la kusiyanako: mumatsala ndi 28, feteleza ndi thukuta zili zomwezo. Mitundu yochokera kwa makolo atatu kapena anayi siitsika kwambiri chonchi, ndiye mlimi wonena kuti "ine ndinabwereza koma ndinakolola" sakunama. Anakololadi, kungoti sanaone matumba amene sanabwere.

M'munda mumadziwira pa msinkhu: phesi ili lalitali, ilo lalifupi, lina lamasula kale pamene linzake likadali m'mbuyo, ena osabereka n'komwe. Kusankha zitsononkho zikuluzikulu m'nkhokwe sikubweza mphamvu ija, popeza mungu umene unazibereketsa simukuudziwa.

Wofuna mbewu yosunga afunse ya mtundu wa OPV, monga ZM 523 kapena ZM 621. Imeneyi imalola kubwereza kwa zaka ziwiri kapena zitatu, bola mbewuyo itengedwe pakati pa munda, kutali ndi chimanga cha aneba.