Zilembo ziwiri zikasinthana malo, ndalama zimabisala m'mabuku

Mu ofesi iliyonse imene imagulitsa katundu pa ngongole muli mawu a Chingerezi amene mlembi wa maakaunti amawalemba tsiku ndi tsiku: `Accounts Receivable`. Mawuwa amatanthauza ndalama zimene makasitomala anatenga katundu wake koma sanalipirebe. Alembi ambiri, ngakhale odziwa bwino ntchito, amalemba `Recievable`, kapena `Receiveable`. Ambiri timaona ngati vutoli ndi la maonekedwe chabe, lochititsa manyazi pang'ono pamaso pa bwana. Koma chiyambireni kusunga maakaunti pa kompyuta, kulakwitsa kotere kumatha kusokoneza ndalama zenizeni.

Tiyerekeze sitolo yogulitsa mapepala ndi makope ku masukulu. Mlembi amalemba malonda onse a mwezi mu pulogalamu ya `Excel`. Mu kolamu B amalemba dzina la akaunti, ndipo mu kolamu D amalemba ndalama. Mwezi uno masukulu asanu atenga katundu pa ngongole: ya K450,000, ya K300,000, ya K250,000, ya K180,000 ndi ya K120,000. Zonse pamodzi ndi K1,300,000. Pa mapeto a mwezi akauntanti akufuna kudziwa ngongole yonse, ndiye akulemba fomula iyi:

```
=SUMIF(B2:B200,"Accounts Receivable",D2:D200)
```

Fomulayi imauza kompyuta kuti iyang'ane mu kolamu B, ndipo paliponse pamene yapeza mawu amenewa iphatikize ndalama za mu kolamu D. Koma pa mizere iwiri, wa K250,000 ndi wa K180,000, mlembi analemba `Recievable`. Kompyuta siganizira zimene munthu amafuna kunena. Imafananitsa chilembo ndi chilembo, ndipo zikasiyana imangoudumpha mzerewo osadandaula. Yankho likutuluka K870,000. Ndalama zokwana K430,000 zasowa mu lipoti, ngakhale palibe amene waba. Bwana akawerenga lipotilo aganiza kuti masukulu ali ndi ngongole yochepa, ndipo masukulu awiri aja mwina sakumbutsidwa kuti alipire.

Vuto lotere limadziwika m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kuphatikiza kolamu D yonse, kenako kuphatikiza zimene maakaunti onse atulutsa payekhapayekha. Ziwerengero ziwirizi zikasiyana, pali mzere umene wadumphidwa. Yachiwiri ndi kutsegula `Filter` pa kolamu B. Kompyuta imaonetsa mndandanda wa mayina onse osiyana amene ali mu kolamuyo, ndipo akaunti imodzi ikaoneka kawiri, wina walakwitsa kalembedwe.

Nanga n'chifukwa chiyani mawu amenewa amatigwetsa? Chichewa timachilemba monga momwe timachitchulira, ndipo liwu limodzi limakhala ndi chilembo chake. Chingerezi sichitero, chifukwa chinabwereka mawu ambiri ku Chifalansa ndi Chilatini n'kusunga kalembedwe ka kumeneko. Liwu lomwelo la i wotalika limalembedwa `ie` mu `believe`, koma `ei` mu `receive`. Chothandiza kukumbukira n'chakuti liwu limeneli likabwera pambuyo pa chilembo `c`, kawirikawiri `e` ndiye amayamba, monga mu `receive` ndi `receipt`. Ndipo poonjezera `-able`, chilembo `e` cha kumapeto chimachoka, n'chifukwa chake timalemba `receivable`. Chimatsala m'mawu ngati `chargeable` ndi `noticeable`, kumene chikugwira ntchito yofewetsa `g` kapena `c`.

Mawu enawo alinso ndi misampha yake. `Liaison`, amene amapezeka pa maudindo a anthu olumikizanitsa bungwe ndi anthu akunja, ndi a Chifalansa ndipo ali ndi `i` awiri, wina `a` asanabwere, wina pambuyo pake. Ambiri amaiwala wachiwiriyo n'kulemba `liason`. `Entrepreneur`, kutanthauza munthu woyambitsa bizinesi yakeyake, ndi a Chifalansanso. Amalembeka bwino mukawadula patatu: `entre`, `pre`, `neur`. Olakwitsa amalemba `enter` koyambirira, kapena amataya `r` wa pakati, kapena amasinthanitsa `e` ndi `u` kumapeto. `Memorandum` ndi a Chilatini, kutanthauza chinthu choyenera kukumbukiridwa, ndipo zikachuluka zimalembedwa `memoranda` kapena `memorandums`.

Pa mawu otsirizawa ife olankhula Chichewa tili ndi vuto lathulathu. M'chinenero chathu l ndi r sasiyanitsa tanthauzo la mawu, ndipo kalembedwe kamene ambiri tinaphunzira ku sukulu kamaika r pambuyo pa e kapena i, monga mu bwera ndi lira, koma l pambuyo pa a, o ndi u, monga mu mbala ndi khola. Dzanja lozolowera lamulo limeneli likafika pa `memo` limafuna kupitiriza ndi l, ndipo pamatuluka `memolandum`. Umu si umbuli ayi, ndi chizolowezi cha chinenero chimene tinayamwira, ndipo amene wachizindikira amadziwa malo oyenera kuyang'anitsitsa.

Ena amati kompyuta imakonza yokha. Zimenezi n'zoona pang'ono chabe, ndipo malo amene siyang'ana ndi omwewo ofunika kwambiri. Pulogalamu ya `Word` imadula kamzere kofiira pansi pa mawu olakwika, koma imabwera itatcheredwa kuti isayang'ane mawu olembedwa m'zilembo zazikulu zokhazokha. Mitu ya makalata a mu ofesi imalembedwa m'zilembo zazikulu, choncho `MEMOLANDUM` amatha kukhala pamwamba pa pepala popanda kamzere kalikonse. Kuti zimenezi zithe, pitani ku `File`, kenako `Options`, kenako `Proofing`, ndipo chotsani chizindikiro pa `Ignore words in UPPERCASE`. `Excel` nayo sidula kamzere kofiira m'timabokosi take pamene mukulemba. Imayang'ana kalembedwe pokhapokha mutadina batani la `F7`. Samalaninso ndi `Add to Dictionary`: mukadina pamenepa pa mawu olakwika, kompyutayo imawalandira ngati olondola ndipo sidzakuchenjezaninso.

Palinso mawu amene kamzere kofiira sikangawagwire, chifukwa onse awiri alipo m'Chingerezi. Sitolo yathu ija imagulitsa `stationery`, zolembera ndi mapepala, pamene `stationary` ndi chinthu choima malo amodzi. Pa ngongole ya ku banki, ndalama imene munabwereka osaphatikiza chiwongola dzanja ndi `principal`, pamene `principle` ndi mfundo. Apa pamafunika diso la munthu.

Mankhwala a vuto la mu maakaunti ndi oti dzina la akaunti lisamalembedwe ndi dzanja nthawi iliyonse. Lembani mayina onse a maakaunti kamodzi pa tsamba lapadera, muwatsimikize mu dikishonale, kenako pa kolamu B gwiritsani ntchito `Data Validation` n'kusankha `List`. Kuyambira pamenepo mlembi amangosankha dzina pa mndandanda, ndipo akalemba losiyana kompyuta imakana. Chitani chimodzimodzi ndi makalata: konzani chikalata chimodzi chokhala ndi mutu ndi maudindo olembedwa molondola, kuti aliyense aziyambira pa chimenecho.

Inu amene mumayang'anira mabuku a ofesi, lipoti la mwezi uno lisanapite kwa bwana, tsegulani `Filter` pa kolamu ya maakaunti ndipo muwerenge mayinawo limodzilimodzi. Ntchitoyi sitenga nthawi, ndipo ngati pali ngongole imene yabisala chifukwa cha zilembo, muipeza pomwepo.