Kadontho ka Magazi M'dzira: Tidye Kapena Titaye?

Alimi amene amagulitsa mazira amalidziwa dandaulo ili. Wogula akaswa dzira n'kupeza kadontho kofiira pa chikasu, amabwera kudzanena kuti mwamugulitsa dzira la mwanapiye, ndipo kawirikawiri sabweranso. Choonadi n'chakuti dzira lokhala ndi kadontho kakang'ono ka magazi ndi labwino kudya ngati laphikidwa n'kupsa bwino. Koma si kufiira kulikonse kumene kuli kotere, choncho mlimi ayenera kudziwa kusiyanitsa.

Chikasu cha dzira chimakulira m'thupi la nkhuku chitakutidwa ndi kathumba kodzala ndi timitsempha ta magazi. Chikakhwima, kathumbako kamang'ambika pamzere umene palibe mitsempha, ndipo chikasu chimagwera m'njira ya mazira. Mmenemo chimavala choyera ndi chigoba kwa maola 24 mpaka 26. Nthawi zina kamtsempha kamodzi kamaduka pong'ambikapo, magazi pang'ono n'kumatirira pa chikasu. Ndiwo kadontho kamene timaona. Tambala alibe mbali pa zimenezi, pakuti ngakhale nkhuku za m'khola zimene sizinaonepo tambala zimaikira mazira otere. Amapezeka kwambiri m'mazira a chigoba chofiirira, amene ambiri a ife timagulitsa, kusiyana ndi a chigoba choyera.

Mukalipeza, chotsani kadonthoko ndi nsonga ya mpeni woyera, kenako phikani dziralo mpaka choyera ndi chikasu zonse zitalimba. Kuphikako sikuti n'kwa magaziwo ayi. Tizilombo totsegula m'mimba totchedwa salimonela tingakhale m'dzira lililonse, ngakhale looneka bwino, ndipo moto ndiwo umatipha.

Ena a ife timapewa mwazi chifukwa cha chiphunzitso cha pa Levitiko 17 ndi Machitidwe 15. Ayuda osunga malamulo a zakudya amaswera dzira lililonse m'kambale pambali, ndipo likakhala ndi magazi ambiri a iwo amalitaya. Amene chikumbumtima chake sichimulola, alisiye, koma adziwe kuti walisiya chifukwa cha chikhulupiriro, osati chifukwa chakuti likanamudwalitsa. Mwambo woswera pambaliwo ndi wothandiza m'nyumba iliyonse, popeza dzira limodzi losukusa silidzaononga ena onse m'poto.

Pali mazira amene ayenera kutayidwa ndithu. Ngati pa chikasu pali mzere wofiira wozungulira ngati mphete, kapena timitsempha toyala ngati ukonde wa kangaude, mwanapiye anayamba kukula. Izi zimachitika ndi nkhuku za kumudzi zoyenda ndi tambala, dzira likakhaliridwa masiku atatu kapena kuposerapo. Tayaninso dzira limene magazi afalikira m'choyera chonse, limene choyera chake chasanduka chofiirira kapena chobiriwira, ndi lililonse lonunkha.

Kwa woweta, kuchuluka kwa timadontho ndi uthenga wochokera m'khola. Tiyerekeze kuti muli ndi nkhuku 100 zimene zimaikira mazira 80 patsiku. Kupeza dzira limodzi la kadontho mwa apo ndi apo si nkhani. Koma ngati mwadzidzidzi thireyi iliyonse ya mazira 30 ili ndi atatu kapena anayi otere, fufuzani zimene zasintha m'masabata apitawa. Yambani ndi chakudya. Kodi mwachisakaniza ndi gaga wambiri pofuna kuti thumba likhalitse? Mukatero mwachepetsa mavitamini. Vitamini A akasowa timadontho timachuluka, ndipo vitamini K akasowa magazi amachedwa kuundana. Nunkhizaninso chimanga, pakuti chachuku chimakhala ndi poizoni amene angabweretse vuto lomweli. Onani ngati nkhuku zikufikira mankhwala a makoswe, chifukwa ambiri mwa iwo amapha poletsa magazi kuundana, ndipo zikatero mazirawo asadyedwe konse. Pomaliza, yenderani khola usiku. Agalu, vumbwe kapena phokoso ladzidzidzi zimadzidzimutsa nkhuku, ndipo kuuluka mwamantha kungadule timitsempha tija. Ngati zonsezi zili bwino koma vuto likupitirira, kapena nkhuku zikuoneka zodwala, itanani alangizi a ziweto.

Musanapite ku msika, unikani mazira. M'chipinda cha mdima, gundanitsani tochi yowala kwambiri ku mbali yaikulu ya dzira ndi kulitembenuza pang'onopang'ono. Kadontho kamaoneka ngati kachinthu kakuda koyenda pamodzi ndi chikasu. Chigoba chofiirira chimabisa ting'onoting'ono, choncho ena adzakudutsani ndithu. Amene mwawaona apatuleni akhale a pakhomo, ndipo ogula anu muwafotokozere za kadonthoka asanakumane nako okha.