Mvula ya pa chithunzi imayambira pansi

Okonza mapulani a nyumba masiku ano amaonetsa mwini nyumba chithunzi cha pakompyuta, chomwe amati renda, asanakumbe n'komwe maziko. Zambiri mwa zithunzizi zimaonetsa dzuwa likuswa mtengo ndi kapinga wobiriwira. Koma nyumba imaona dzinja, imaonanso chilimwe, ndipo mwini wake angafune kudziwa mmene idzaonekere mu Januwale kapena mu Okutobala. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amathamangira kujambula madontho, pamene chimene chimauza diso kuti kwagwa mvula ndi pansi ponyowa.

Titenge nyumba ya malata yokhala ndi khonde ndi bwalo la simenti, yokonzedwa mu pulogalamu ya Blender. Choyamba kusintha ndi thambo. Kukachita mitambo kuwala kumachokera mbali zonse, choncho zithunzithunzi zimafewa. Wojambula amachotsa thambo la dzuwa n'kuika chithunzi cha HDRI cha mitambo, kenako amachepetsa mphamvu ya nyali ya Sun. Akaiwala zimenezi, bwalo limanyowa koma nyumba n'kumaponyabe chithunzithunzi chakuda bii ngati masana a chilimwe.

Madzi amachita zinthu ziwiri pa simenti. Amaidetsa, chifukwa kuwala kukalowa m'madzi amene adzaza timaenje take kumazungulira momwemo, kochuluka n'kumezedwa. Amaisalazanso, moti imayamba kunyezimira. Mu Principled BSDF zonsezi zili ndi pake: Base Color amaidetsa, Roughness amaitsitsa. Simenti youma ingakhale pa 0.9, yonyowa n'kutsika kufika pa 0.3. Akatsitsa Roughness yokha, mtundu n'kuusiya, bwalo limaoneka ngati lakutidwa ndi pulasitiki. Kudetsaku sikufanana pa zinthu zonse. Njerwa, dothi ndi simenti zimamwa madzi, choncho zimada kwambiri, pamene galasi ndi malata opentedwa zimangonyezimira, mtundu osasintha kwenikweni.

Zithaphwi zimafuna chidwi chapadera. Wojambula amalumikiza Noise Texture ku Color Ramp kuti apeze mawanga, ndipo mawangawo ndi amene amasonyeza pamene pali madzi. Pamenepo Roughness imatsika kufika pa 0.02, Bump n'kuzimitsidwa, chifukwa pamwamba pa madzi odikha n'posalala ngakhale pansi pake pali pokakala. M'mbali mwa chithaphwi muzikhala mzere wa pansi ponyowa koma popanda madzi oima, apo ayi chimaoneka ngati chomatidwa. Kompyuta imamwaza mawangawa paliponse, koma madzi enieni amatsata potsika. N'chifukwa chake wojambula wosamala amafufuta ena ndi dzanja n'kusiya a m'mphepete mwa ngalande, a m'mikwasa ya matayala ndi a pamzere umene madzi a padenga amagwera.

Pouma napo pamafunika. Mkati mwa khonde ndi khoma la kunsi kwa denga zizikhala zouma, ndipo m'munsi mwa khoma, pafupifupi masentimita 30 kuchokera pansi, muzioneka matope othovukira. Malire a ponyowa ndi pouma amenewa ali ndi phindu kwa mwini nyumba, pakuti amamuchititsa kufunsa ngati denga latuluka mokwanira kuteteza khoma.

Madontho amabwera pomaliza, ndipo nthawi zambiri amawaonjezera mu Photoshop kapena GIMP. Amatenga gawo lakuda, n'kuthirapo timadontho toyera, n'kutikoka ndi Motion Blur mopendekera pang'ono, kenako n'kuika gawolo pa Screen. Mvula yeniyeni imaoneka bwino pamene kumbuyo kwake kuli kodera, monga pamitengo kapena pakhomo, ndipo pathambo loyera imangosowa. Mizere ikadzaza chithunzi chonse mofanana, nyumba imabisika, pamene ndiyo yomwe munthu wabwera kudzaona.

Chilimwe chimatembenuza zonsezi. Roughness ya dothi imakwera kuyandikira 1, mtundu wake umayererako, udzu umasanduka wachikasu ndi wapatalipatali. Fumbi liyenera kutenga mtundu wa dothi la pamalopo: ngati ndi katondo, likhale lofiirira. Limakhazikika pamalo oyang'ana kumwamba, monga pamasitepe ndi pamphuthu za mawindo, komanso m'munsi mwa khoma. Thambo nalo silikhala lobiriwira kwambiri, chifukwa utsi ndi fumbi zimaliyeretsa chakumunsi. Volume Scatter yochepa imapereka chimenechi, ndipo poyesera pake ndi apa: mapiri ndi mitengo yakutali zizimiririke, koma nyumba ikhale yooneka bwinobwino. Nyumba nayo ikayamba kuzimiririka, Density yapyola muyeso.

Asanapereke chithunzi, wojambula azimitse gawo la madontho ndi la fumbi la m'mwamba, n'kuonetsa munthu amene sanachionepo. Munthuyo akatchula nyengo yake osauzidwa, pansi ndi thambo zagwira ntchito yake. Akalephera, malo okonza ndi omwewo, ndipo kuchulukitsa madontho sikungathandize.